Tagulitsa galimoto yomwe inali pa ziro m'mabuku, ndiichotse bwanji?

Tadala:
Moni nonse. Ndithandizeni ndisanatseke mabuku a Malichi. Kampani yathu inagula galimoto yonyamula katundu mu Januwale 2016 pa mtengo wa 48,000. Chaka chilichonse ankaichotsera dipirishiyeshoni ya 9,600 kwa zaka zisanu, ndiye pofika Disembala 2020 inali pa ziro. Koma galimotoyo inapitirizabe kugwira ntchito mpaka taigulitsa pa okushoni kumapeto kwa Febuluwale 2024. Inagulidwa pa 9,500. Oyendetsa okushoni anatengapo komishoni yawo ya 500, ndipo ku banki kwalowa 9,000 kumayambiriro kwa Malichi. Mnzanga amene amalemba za ku banki waika ndalamazo pa `Sales`. Mafunso anga ndi awiri. Kodi phindu lathu ndi 9,000 yonseyo? Nanga galimotoyi ndiichotse bwanji, popeza mu rejisitala ya katundu ikuonekabe ngati tili nayo?

Chikondi:
Zophweka izo achemwali. Galimoto ikakhala pa ziro, chilichonse chomwe mwalandira ndi phindu. Chotsani ndalamazo pa malonda muziike pa akaunti ya phindu la kugulitsa katundu, basi. Zochotsa m'mabuku palibe, ziro mungamuchotse bwanji?

Madalitso:
Chachikulu n'kusintha umwini. Onetsetsani kuti wogulayo wasinthitsa mapepala a galimoto kukhala m'dzina lake, ndipo muwadziwitse a inshuwaransi. Mukachedwa, iye akachita ngozi kapena akapalamula pa msewu, adzafuna inu.

Tadala:
Zikomo a Madalitso, zimenezo abwana anathana nazo kale. Ine ndikunena za mabuku a ndalama, osati mapepala a pa msewu.

Nangozo:
A Chikondi anena zoona mbali imodzi: ndalamazo zichoke pa malonda. Koma kunena kuti palibe chochotsa, pamenepo ayi. Ziro amene mukumuonayo sakhala mu akaunti iliyonse. Amabwera pochotsera manambala awiri akuluakulu amene onse adakali m'mabuku anu. Ku akaunti ya magalimoto kuli 48,000 mbali ya debiti, mtengo womwe munagulira. Ku akaunti ya dipirishiyeshoni yomwe yakhala ikuunjikana kuli 48,000 mbali ya kirediti. Mukachotsera mupeza ziro, inde, koma awiriwo sachoka okha. Galimoto yatuluka pa geti, manambala ake atsala.

Ndiye ntchito ilipo iwiri, ndipo ndi bwino kuiganizira payokhapayokha. Yoyamba n'kufafaniza manambala awiri aja: kirediti ku akaunti ya magalimoto ndi mtengo wonse wogulira, debiti ku akaunti ya dipirishiyeshoni ndi zonse zomwe zinaunjikana pa galimoto imeneyi. Yachiwiri n'kuyerekeza zomwe mwapeza ndi mtengo womwe unatsala m'buku. Zomwe mwapeza ndi mtengo wogulitsira kuchotsapo zomwe mwalipira kuti malondawo atheke, ndiye kwa inu 9,500 kuchotsa 500, kutsala 9,000. Ngati m'buku munatsaladi ziro, phindu ndi 9,000. Zikanakhala kuti simunalembe kalikonse, jenala yake ikanaoneka chonchi:

```
Dr Bank                        9,000
Dr Accumulated Depreciation   48,000
   Cr Motor Vehicles                  48,000
   Cr Gain on Disposal                 9,000
```

Koma musaithamangire. Ndili ndi funso kaye: mu rejisitala yanu, galimotoyi ili ndi mzere umodzi wokha? Galimoto yoyenda zaka zisanu ndi zitatu kawirikawiri imakhala itaikidwako china chake chachikulu panjira.

Chikondi:
Komabe mayi, tikaisiya osaichotsa chingalakwike n'chiyani? Pansi pa balansi shiti nambala ikhala yomweyo, phindu likhala lomwelo.

Nangozo:
Nambala ya pansi ikhala yomweyo, n'zoona, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri amaisiya zaka ndi zaka osazindikira. Vuto limatulukira kwina. Pa malipoti a pa chaka mumaonetsa mtengo wogulira katundu payokha ndi dipirishiyeshoni payokha, ndiye onse awiri adzakhala atakwera ndi 48,000 ya galimoto yomwe kulibe. Odita akabwera amatenga rejisitala n'kunena kuti tionetseni galimoto iyi, inu n'kusowa choloza. Chinanso, ena amawerengera dipirishiyeshoni pa nambala yonse ya akaunti ya magalimoto m'malo mowerengera galimoto iliyonse payokha. Mukatero, galimoto yogulitsidwayo izidyabe 9,600 chaka ndi chaka, ndipo dipirishiyeshoni idzapitirira mtengo wa magalimoto omwe alipodi. Ndinazionapo zimenezi, akaunti ya magalimoto mpaka kulowa kunsi kwa ziro.

Tadala:
Mayi Nangozo, ndayang'ana. Pa nambala ya galimotoyi pali mzere umodzi, 48,000 ndi 48,000. Koma kumunsi kwa rejisitala kuli mzere wina wolembedwa `Engine replacement` wopanda nambala ya galimoto. Ndi wa Januwale 2022, mtengo 7,200, wogawidwa pa miyezi 36. Ndafunsa adalaivala akuti injini imeneyo inaikidwa m'galimoto yomweyi, ndipo invoisi ya ku galaja ikugwirizana nazo. Magalimoto tili nawo angapo, leja imawaphatikiza onse, ndiye sizimaonekera.

Nangozo:
Ndiye galimoto yanu sinali pa ziro. Injini yapita limodzi ndi galimoto, wogula walipira zonse pamodzi, choncho mzere wake uyeneranso kuchoka. Tiyeni tiwerengere pang'onopang'ono.

7,200 kugawa pa miyezi 36 ndi 200 pa mwezi. Kuyambira Januwale 2022 mpaka Disembala 2023 ndi miyezi 24, ndiye 4,800. Kodi ya Januwale ndi Febuluwale 2024 munalemba?

Tadala:
Ayi, ife dipirishiyeshoni timalemba kamodzi pakutha pa chaka. M'buku muli 4,800 yokha.

Nangozo:
Chabwino. Yambani ndi kulemba ya miyezi iwiriyo, chifukwa injiniyo inagwira ntchito mpaka tsiku lomwe galimoto inachoka. Ndi 400. Debiti ku dipirishiyeshoni ya chaka chino, kirediti ku younjikana ija. Tsopano injini yadyedwa 5,200, kutsala 2,000 m'buku.

Mukaphatikiza mizere iwiri ija, mtengo wogulira ndi 48,000 kuonjezera 7,200, ndiye 55,200. Dipirishiyeshoni ndi 48,000 kuonjezera 5,200, ndiye 53,200. Chotsala m'buku ndi 2,000. Mwapeza 9,000, ndiye phindu lanu ndi 7,000, osati 9,000.

Pali chinthu china choti musamale nacho. Ku banki ndalama zinalembedwa kale ndi mnzanu uja. Mukalembanso debiti ku banki, buku lidzaonetsa kuti munalandira kawiri ndipo silidzagwirizana ndi sitetimenti. Chomwe chinalakwika ndi mbali ya kirediti yokha. Ndiye debiti yanu ipite ku malonda kukabweza zomwe zinaikidwako:

```
Dr Sales                       9,000
Dr Accumulated Depreciation   53,200
   Cr Motor Vehicles                  55,200
   Cr Gain on Disposal                 7,000
```

Mbali zonse ziwiri zikukwana 62,200. Mukatha, tsekani mizere yonse iwiri mu rejisitala, mulembepo tsiku logulitsira ndi mtengo wake. Musaifufute mizereyo, ingoionetsani kuti katunduyo anagulitsidwa, kuti wobwera m'mbuyo mwanu adzathe kulondola. Kenako phatikizani magalimoto otsala mu rejisitala muone ngati akufanana ndi zomwe zatsala mu leja, mtengo wogulira paokha, dipirishiyeshoni payokha. Zikasiyana, pali mzere wina womwe wabisala.

Chikondi:
Apa ndagonja pa za injini. Koma ndifunse, nanga injini yakale ija? Mtengo wake unali mkati mwa 48,000. Sanayenere kuuchotsa pomwe ankaika yatsopano?

Nangozo:
Mwafunsa bwino. Malamulo a IAS 16, omwe amanena za kalembedwe ka katundu wokhalitsa m'mabuku, amati mukasintha chiwalo chachikulu n'kulemba chatsopanocho ngati katundu, chakalecho chichoke m'mabuku. Koma apa injini yakale inachotsedwa galimoto itafika kale pa ziro, ndiye inalibe mtengo wotsala woti ukhudze phindu. Ngati sanaichotse nthawi imeneyo, ikuchoka lero mkati mwa 48,000 yemweyo. Sipafunika jenala ina.

Tadala:
Ndikumva. Koma ndifotokozereni chifukwa chenicheni chomwe ndalamazi sizingakhale pa malonda, chifukwa abwana adzandifunsa. Iwo amati chagulitsidwa chagulitsidwa, ndalama ndi ndalama.

Bambo Jere:
Ndilowererepo mwanawe. Ndagwira ntchito ya uodita nthawi yaitali ndipo funso la abwana akolo ndalimva kambirimbiri. Uwauze kuti malonda ndi nambala yomwe anthu amayezera ntchito ya kampani ya tsiku ndi tsiku. A banki akafuna kukubwerekani ndalama amayang'ana malonda ngati akukwera. Abwana eniake akafuna kudziwa ngati mitengo yawo ili bwino, amayerekeza malonda ndi mtengo wa katundu yemwe wagulitsidwa. Tsono ukaponyamo 9,000 ya galimoto, yomwe ilibe katundu wogulidwa wofanana nayo, mwezi umenewo udzaoneka ngati munapindula kwambiri pa malonda pomwe sizinali choncho. Chaka chamawa sipadzakhala galimoto ina yogulitsa, ndipo adzadabwa kuti malonda atsikiranji. IAS 16 inaneneratu kuti phindu la kugulitsa katundu wotere lisaikidwe m'gulu la malonda. Kupatula makampani monga obwereketsa magalimoto, amene kugulitsa magalimoto awo akale ndi mbali ya ntchito yawo ya nthawi zonse, koma inu simuli m'gulu limenelo.

Ndipo ngati mumakonza lipoti la kayendedwe ka ndalama, kumbukira kuti 9,000 imakaoneka ku gawo la kugula ndi kugulitsa katundu wokhalitsa. Ukayambira pa phindu la chaka, 7,000 ija uichotseko, apo ayi idzawerengedwa kawiri.

Kondwani:
Pepani kulowetsa yanga, koma ikufanana. Ife tinagulitsa pikapu yomwe inatha dipirishiyeshoni kalekale, ndipo pulogalamu yathu ikutulutsa losi ya 1,500. Abwana akukana, akuti chinthu chomwe chinatha kale m'mabuku sungaluze nacho, ndiye kompyuta yalakwitsa. Inenso zikundizunguza. Inagulidwa 30,000, tinagulitsa kwa a sikirapu pa 2,800, ndipo tinalipira 300 yoikokera kumeneko chifukwa sinkayenda.

Chikondi:
Abwana anu akunena zoona achimwene. Ziro kuchotsa pa 2,500 ndi phindu la 2,500. Mwina pulogalamuyo sinalembe dipirishiyeshoni ya chaka chomaliza.

Nangozo:
A Kondwani, tsegulani khadi la galimotoyo mu pulogalamu muone malo olembedwa `Residual value` kapena `Salvage value`. Pali nambala yanji? Muonenso dipirishiyeshoni yonse yomwe inaunjikana.

Kondwani:
Pa `Residual value` pali 4,000. Dipirishiyeshoni yonse ndi 26,000, ndipo inasiya kuyenda zaka zitatu zapitazo.

Nangozo:
Ndiye kompyuta sinalakwitse. Kutha dipirishiyeshoni sikutanthauza kufika pa ziro nthawi zonse. Amene anailemba poyamba anaganizira kuti ikadzatha ntchito mudzaigulitsa pa 4,000, choncho anagawa 26,000 yokha pa zaka zake. Itakwana 26,000, pulogalamu inaima, ndipo 4,000 yakhala ili m'mabuku nthawi yonseyi kudikira tsiku logulitsa. Mwapeza 2,800 kuchotsa 300, ndiye 2,500. M'buku munali 4,000. Kusiyana kwake ndi 1,500, ndipo mwaluzadi.

```
Dr Bank                        2,500
Dr Accumulated Depreciation   26,000
Dr Loss on Disposal            1,500
   Cr Motor Vehicles                  30,000
```

Ku banki ndaika 2,500 pofupikitsa, koma ngati 2,800 inalowa payokha ndipo 300 inatuluka payokha, zilembeni momwe zinayendera.

Abwana anu muwauze chonchi: losi imeneyi si ndalama zomwe zatuluka m'thumba lero. Ndi mbali ya mtengo wa galimoto yomwe inayenera kudyedwa m'zaka za m'mbuyo koma sinadyedwe, chifukwa munkayembekezera kudzapeza zambiri poigulitsa. Galimotoyo inakudyerani 27,500 pa moyo wake wonse, inu munalemba 26,000, yotsalayo yatulukira pano.

Ndipo ngakhale galimoto ya pa ziro weniweni mukhoza kuluza nayo. Ikakhala yophwasukiratu, a sikirapu n'kukupatsani 200 pomwe woikoka wakulipiritsani 300, mwaluza 100.

Kondwani:
Tsopano zamveka. Ndikawaonetsa khadi lomweli mawa.

Tadala:
Ndibwerere ku yanga pang'ono. Tisanaitumize ku okushoni tinaipentetsa n'kuiika matayala awiri, zonse 1,300, kuti ioneke bwino. Zinalembedwa ku akaunti yokonzetsera magalimoto. Kodi ndizisamutse zichotsedwe pa 9,000 ija ngati komishoni?

Chikondi:
Ine ndingazisamutse. Mukanapanda kugulitsa simukanapenta. Ndiye ndi ndalama zomwe zatuluka chifukwa cha malondawo, chimodzimodzi komishoni. Phindu lenileni ndi 5,700. Mukazisiya kokonzetsera, abwana adzaganiza kuti anapindula 7,000 pomwe sanapindule choncho.

Bambo Jere:
Ine ndingazisiye pomwe zili. Komishoni ilipo chifukwa malonda achitika, ndipo akanalephereka simukanalipira. Penti ndi matayala mukanalipira ndithu ngakhale galimoto ikanabwerera osagulidwa, ndipo mukanapitiriza kuyendera matayala omwewo. Kumeneko n'kukonza galimoto. Ukayamba kulowetsa zokonzetsa mu akaunti ya kugulitsa, malire ake adzakhala pati? Sevisi ya mwezi wathawo nayo? Batire?

Chikondi:
Malire ake ndi cholinga, bambo. Sevisi inali yoti galimoto iyende. Penti anali woti igulidwe.

Nangozo:
Apa ine ndili mbali ya bambo Jere, ngakhale mfundo ya a Chikondi si yopanda pake, ndipo ndikudziwa anzathu ena amene amachita momwemo. Chomwe a Tadala adziwe n'chakuti phindu la kampani la chaka chonse silisintha, kaya 1,300 ili uku kaya ili uko. Chikusintha ndi mzere womwe ikuonekera. Ndiye sankhani njira imodzi, muilembe pa pepala lomwe musunge ndi jenala, ndipo galimoto yotsatira mudzachite chimodzimodzi. Ngati abwana akufuna kudziwa zomwe zatsala m'manja pa malonda onsewa, muwalembere pambali kuti 9,000 kuchotsa 1,300.

Chikondi:
Chabwino, koma ine sindinasinthe maganizo. Kwathu tizichotsabe.

Tadala:
Nanga tsiku? Galimoto inatengedwa kumapeto kwa Febuluwale, ndalama zalowa mu Malichi. Jenala ikhale ya mwezi uti?

Nangozo:
Tsiku lake ndi lomwe galimoto inachoka m'manja mwanu n'kukhala m'manja mwa wogula, moti iye ndiye woilamulira. Tsiku lolowa ndalama silikhudza. Apa ndi pomwe mapepala aja a Madalitso amathandiza: kalata ya okushoni, chikalata chomwe wogula anasaina potenga makiyi, ndi za kusintha umwini. Amenewo ndiwo umboni wa tsiku, muwasunge pamodzi ndi jenala. Ngati Febuluwale adakali wotsegula, chotsani galimotoyo mu Febuluwale, 9,000 muilembe ngati ngongole yomwe a okushoni ali nayo kwa inu. Ndiye mu Malichi, ndalama zomwe zinapita ku malonda zija muzisamutsire ku ngongoleyo kuti itsekeke. Ngati munatseka kale ndipo malipoti anatuluka, lembani mu Malichi, koma dipirishiyeshoni ya injini ithere Febuluwale.

Pa nkhani yanuyi kulakwitsa mwezi sikungapweteke kwambiri, poti miyezi yonseyi ili m'chaka chimodzi. Mutalemba dipirishiyeshoni ya mwezi wina woonjezera, 200, chotsala m'buku chikhala 1,800 ndipo phindu la kugulitsa likwera kufika 7,200. Mwaonjezera 200 uku, mwaonjezeranso 200 uko, pansi sipasintha. Pomwe zimavuta ndi pamene galimoto yachoka mwezi womaliza wa chaka, ndalama n'kulowa chaka chinacho. Pamenepo mukatsata tsiku la ku banki, phindu lonse lipita ku chaka cholakwika ndipo balansi shiti ionetsa galimoto yomwe inachoka kale.

Madalitso:
Ndiye mapepala anga aja ali ndi ntchito ndithu. Ndionjezere kuti ngati inshuwaransi munalipiriratu ya chaka chonse, funsani ngati angakubwezereni ya miyezi yotsala.

Bambo Jere:
Zoona, ndipo akabweza, zimenezo zikachepetse akaunti ya inshuwaransi. Zisalowe m'phindu la galimoto.

Koma pali nkhani ina yomwe palibe waitchula, ndipo ineyo ndi yomwe imandikhudza. Galimoto iyi inalembedwa kuti idzatha m'zaka zisanu osatsala kanthu. Yayenda zaka zisanu ndi zitatu, ndipo yagulidwa pa 9,500. Ndiye kuti kuyambira 2016 mpaka 2020 kampani inkadzilemetsa ndi dipirishiyeshoni yochuluka kuposa yoyenera, kenako kuyambira 2021 galimoto imagwira ntchito ngati yaulere. 7,000 imene tikuitcha phinduyi, kunena zoona, ndi dipirishiyeshoni yopitirira ija yomwe ikubwerera. Palibe amene wachita malonda anzeru apa. IAS 16 imafuna kuti zaka zomwe katundu agwire ntchito ndi mtengo womwe adzatsale nawo ziunikidwenso pakutha pa chaka chilichonse. Zikanachitika cha mu 2018 kapena 2019, akanaona kuti galimoto idakali yolimba n'kutambasula zomwe zinatsala pa zaka zambiri.

Tadala:
Ndiye kuti ndibwerere ndikakonze zaka za m'mbuyozo?

Nangozo:
Ayi, musatsegule zaka zomwe zinatsekedwa. Zaka zisanu zija kunali kuyerekeza, ndipo kuyerekeza kukasintha timakonza kuyambira lero kupita kutsogolo. Chomwe mungachite n'kuyang'ana magalimoto otsalawo. Ngati ilipo ina yomwe yatsala pang'ono kufika pa ziro koma ikuoneka kuti iyendabe zaka zitatu, ino ndiyo nthawi yokambirana ndi abwana kuti zaka zake zisinthidwe, isanafike pa ziro. Ikafika, palibenso chotambasula.

Bambo Jere:
Pa galimoto imodzi iyi ndikuvomereza, nambala yake ndi yaing'ono. Koma sindingavomere kuti nthawi zonse ndi kuyerekeza chabe. Ngati kampani sinaunikeko ngakhale kamodzi, pomwe umboni unalipo poyera kuti magalimoto ake amakhala zaka zisanu ndi zitatu, ndipo theka la magalimoto ali pa ziro koma ali pa msewu, odita akhoza kunena kuti kumeneko n'kulakwitsa, osati kusintha maganizo. Zikatero zaka za m'mbuyo zimakhudzidwa.

Nangozo:
Zimatengera kukula kwa nambala ndi zomwe ankadziwa pa nthawiyo, bambo. Kuona lero kuti galimoto yakhalitsa sikusonyeza kuti mu 2016 anayerekeza mosasamala.

Bambo Jere:
Mu 2016 ayi. Koma mu 2020, galimoto ili bwinobwino ndipo palibe pulani yogula ina? Pamenepo ndiye ndimafunsa mafunso. Tisiyane pomwepo mayi, tonse tikudziwa kuti zimathera pa tebulo la odita.

Kondwani:
Funso lomaliza kwa ine. Losi yangayi ichepetsa msonkho? Ndipo a Tadala alipira msonkho pa 7,000?

Nangozo:
Musatenge nambala ya m'mabuku kupita nayo ku msonkho osaiunika. M'mayiko ambiri a msonkho savomereza dipirishiyeshoni yanu, ali ndi mawerengedwe awoawo a momwe katundu amatsikira mtengo. Ndiye galimoto imodzi imakhala ndi mitengo iwiri yotsala, wa m'mabuku anu ndi wa ku msonkho. Kumene amachotsera peresenti pa chotsala chaka ndi chaka, mtengo wa ku msonkho sufika pa ziro ngakhale patapita zaka zambiri. Tingoyerekeza kuti kwa a Tadala, ku msonkho galimoto ndi injini zatsala pa 5,000. Powerengera msonkho, 7,000 ya m'mabuku imachotsedwa pa phindu, m'malo mwake n'kuikapo kusiyana kwa zomwe mwapeza ndi 5,000 ija, ndiye 4,000. Mayiko ena sawerengera galimoto payokha, amangochotsa ndalama zogulitsira pa gulu lonse la katundu wofanana. Choncho yankho lili m'malamulo a dziko lanu ndi pa pepala la msonkho la chaka chatha, pomwe pali mtengo wotsala wa galimotoyo. A Kondwani, n'zotheka kuti m'mabuku mwaluza koma ku msonkho mwapindula.

Muonenso ngati malondawo anayenera kukhala ndi msonkho wa pa malonda. Ngati uli mkati mwa 9,500, gawo limenelo si lanu, ndi la boma, ndipo liyenera kuchoka kaye musanawerengere phindu.

Tadala:
Ndayang'ana pa kalata ya okushoni, 9,500 yalembedwa kuti ndi mtengo wopanda msonkho, ndipo za msonkhowo ndawatumizira amene amatikonzera mafomu kuti aone. Febuluwale anali asanatsekedwe, ndiye ndalemba 400 ya injini, ndachotsa 55,200 ndi 53,200, ndaika 9,000 ngati ngongole ya a okushoni, phindu latuluka 7,000. Mu Malichi ndasamutsa ndalama zija kuchoka ku malonda kukatseka ngongoleyo. Mtengo wogulira mu rejisitala ukufanana ndi leja tsopano. Koma ku dipirishiyeshoni kwatsala kusiyana kwa 600, leja ndiyo yachuluka.

Nangozo:
Imeneyo si ya jenala yomwe mwalembayi, manambala ake tawatsata onse ndipo akukwana. Musaikankhire m'phindu la kugulitsa kuti zingofanana. Tengani leja ya dipirishiyeshoni chaka ndi chaka muiyerekeze ndi rejisitala, kuyambira chaka chomaliza chomwe ziwirizi zinkagwirizana. Yambani ndi 2022, pomwe injini inalowa. 600 ndi miyezi itatu ya 200, ndiye mwina pali miyezi yomwe inalembedwa kawiri. Ngati zili choncho ndiye kuti ikukhudza injini yomweyi ndipo tidzabwereranso ku 7,000 ija, koma tiyambe taona chomwe mupeze.

Tadala:
Ndiyamba ndi 2022 mawa m'mawa, ndidzaika pano zomwe ndapeza.